Dzina Lenileni la a Make Twaibu

Pa doko la ku Senga Bay, munthu akanafunsa za a Dailes Yesaya, anthu akanangomuyang'ana ngati wasokera njira. Koma kungoti a Make Twaibu, ngakhale wakabaza wobwera dzulo ankaloza kumathandala a kumapeto, kumene mayi wamfupi, wamawu akuthwa ankayanika usipa. Mayi amenewa sankadziwa kukhala pansi. Kudya ankadya chiimire, mtengo ankakangana akuyenda, ndipo pamaliro, amayi anzawo atatambasula miyendo m'siwa, iwo ankapezeka ku moto, kenako ku mjigo, kenako ku moto komwe kuja. Anzawo ankawaseka kuti anakhalirapo chitedze ali mwana ndipo sichinawathebe.

Kwawo kwenikweni kunali kumtunda, kuseri kwa Khombedza, m'banja la a Yesaya, mkulu wa mpingo wosaseka ndi munthu. Anatsikira kunyanja chaka chija anthu ankasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, atakopeka ndi Abbas, msodzi wachisilamu wodziwa kuseketsa. Bambo awo anakwiya mpaka kudwala, koma mwana wamkazi akatsimikiza mtima ndani angamubweze? Chaka chotsatira kunabadwa Twaibu, ndipo dzina la Dailes linathera pomwepo. Kunyanja mkazi wobereka saitanidwa ndi dzina la pa utsikana. Amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndipo umenewo ndiwo ulemu. Ana ena awiri amene anabadwa pambuyo sanakhalitse. Abbas naye mwera unamutenga Twaibu asanamalize pulayimale. Mayi anatsala ndi mwana mmodzi ndi mathandala awiri. Lamlungu iwo ankapita ku tchalitchi chawo, Lachisanu ankachapira mwana mkanjo wa ku mzikiti, ndipo panalibe anadandaulapo.

Twaibu atakula anachita zimene anyamata a ku Salima amachita: anayang'ana ku Joni. Asananyamuke anagulira mayi ake foni yogwira pagalasi n'kuwatsegulira akaunti ya Fesibuku, chifukwa kuimbirana kunali kodula, pamene mawu otumiza pa Mesenja ankangofuna kabandulo kakang'ono. Atafika polemba dzina sanafunse n'komwe. Mwana wolongosoka satchula dzina la mayi ake, ndiye analemba limene dziko lonse linkadziwa: Make Twaibu. Anawaphunzitsa pokanikiza akafuna kulankhula ndi pokanikiza akafuna kumva, n'kuwalembera pasiwedi kuseri kwa chitseko ndi khala. Zina zonse, anati, zisiyeni, n'za Chingerezi.

Chaka choyamba mawu ankabwera pafupipafupi. Ankanena za kuzizira, za nyama yotchipa, za sitolo imene ankagwirako ntchito kutauni ina yaing'ono, kutali ndi kumene kumakhala Amalawi ambiri. Ankatha ndi kuseka kwa bambo ake kwenikweni. Kenako kunamveka za chipwirikiti, zoti sitolo za alendo zikuotchedwa, ndipo mawu anaduka ngati ulusi. Anyamata obwerako anafunsidwa mmodzimmodzi, palibe anamuonapo. Akaunti yake, imene anailemba dzina lachinyamata ndi chithunzi cha mkango, inangoti zii. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Alamu awo, achimwene a malemu Abbas, anabwera kawiri kudzanena mofatsa kuti mwina nthawi yakwana yochita sadaka, mwambo wokumbukira womwalira. Kawiri konse anabwerera atamva mawu amene sitingawabwereze pano.

A Make Twaibu anali ndi chikhulupiriro chawo, ndipo ankachinena poyera. Mwana akataya foni amataya manambala onse, koma sangataye dzina limene analemba ndi dzanja lake. Tsiku limene adzagwire foni ina, adzalemba Make Twaibu, ndipo adzawapeza. N'chifukwa chake foniyo sinkazima. Inkakhala m'kansalu pachifuwa, ndipo m'mawa uliwonse, mabwato asanafike, ankaitsegula, kuyang'ana ngati pabwera mawu atsopano, n'kumvetsera amodzi mwa akale aja.

M'mawa wina wa mwezi wa mwera, atatsegula, sanaone zithunzi za masiku onse. Panali tsamba loyera lodzaza ndi Chingerezi, ndi kabokosi kabuluu pansi pake. Anatseka n'kutsegulanso: lomwelo. Anapukuta galasi ndi chitenje: lomwelo. Anasiya usipa uli m'mabigili, mayi woyandikana nawo akuwakuwira kuti nsomba ziwola, n'kuthamangira kumsika.

Kumsika kunali Kelvin, bambo wokonza ndi kutchaja mafoni, munthu wa manja aluso koma wosapirira zowerenga. Anangoponya diso pa tsambalo n'kunena kuti akaunti ikufuna kutsekedwa, ndipo zimenezi si zachilendo. Mwina ndi akuba a pa intaneti, mwina ndi eni ake. Mankhwala ake, anati, ndi kutsegula ina yatsopano. Iye akhoza kuwatsegulira asanamalize n'komwe kumwa tiyi. Mayi anafunsa ngati mawu a Twaibu angasamukire m'yatsopanoyo. Kelvin anati ayi, amenewo amatsala m'yakale. Anafunsa ngati yatsopanoyo ikhala yolumikizana ndi akaunti ya mwana wawo. Anati mpaka mwini wake atavomereza. Mayi analanda foni yawo ngati akulanditsa mwana kwa ng'ona, n'kumuuza kuti munthu sagwetsa nyumba chifukwa choti pachitseko pamatidwa chikalata chimene sanachiwerenge.

Munthu wachingerezi amene ankamudziwa bwino anali mmodzi: Madamu Agape, mphunzitsi wa pa pulayimale, wochokera ku Ntcheu. Boma linamuponya kunyanja kuno asakufuna, ndipo zaka zonsezi ankadandaulabe za kutentha ndi udzudzu, koma usipa wofutsa wa a Make Twaibu sankauphonya. Mayi sanadikire kuti sukulu iweruke. Anazungulirazungulira pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo, ana akuwasuzumira pa mawindo, mpaka belu la kupuma linalira.

Agape anatuluka choko chili m'manja. Anawapempha kuti akhale pa benchi, anakana. Ndiye onse awiri anaimirira, mphunzitsi akuwerenga, mayi akumuyang'ana pakamwa ngati wodwala amene akudikira mawu a dokotala. Agape anayamba ndi kufunsa kumene tsambalo linatulukira. Kodi wina anawatumizira uthenga wokhala ndi polowera? Kodi pena pawafunsa pasiwedi kapena ndalama? Mayi anati ayi, linangowadikira pakhomo potsegula. Agape anatseka Fesibukuyo n'kulowanso kuti aone yekha, ndipo atakhutira anati si akuba, ndi chenjezo lochokera kwa eni ake. Kenako anayamba kutanthauzira, mzere ndi mzere, chala chili pagalasi.

"Akuti zikuoneka kuti dzina la pa akaunti iyi si dzina lanu lenileni. Akuti lamulo lawo ndi lakuti munthu azigwiritsa ntchito dzina limene anthu amamuitana nalo tsiku ndi tsiku."

"Ndiye vuto lili pati? Inuyo mumandiitana ndani?"

"A Make Twaibu."

"Alembereni choncho."

Agape anaseka pang'ono, nati nkhani sinathere pamenepo. Anakanikiza kabokosi kabuluu, tsamba lina linatseguka, ndipo anapitiriza. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kusintha dzina n'kulemba lina. Yachiwiri, kukana kuti dzinalo ndi loona, ndipo wokana ayenera kuonetsa umboni. Umboni wake ndi chithunzi cha chiphaso cha boma chokhala ndi dzina lomwelo, kapena, ngati chiphaso chotero palibe, mapepala ena awiri osiyana, onse olembedwa dzina lomwelo, limodzi mwa iwo lokhala ndi nkhope ya munthuyo kapena tsiku lake lobadwa. Panalinso malo ofotokozera chifukwa chimene munthu amagwiritsira ntchito dzinalo. Eni ake anawapatsa sabata imodzi akugwiritsabe ntchito akauntiyo. Ikatha asanatsimikize, chitseko chitsekedwa mpaka atatero, ndipo pa nthawi imeneyo wowafunafuna sadzawaona.

Mawu otsirizawa ndiwo anawabaya. Anafunsa amene wawanenera. Agape anati tsambalo silitchula, ndipo silidzatchula. Mwina munthu, mwina makina awo omwe. Koma a Make Twaibu anali atayamba kale kuzenga milandu mumtima. Anaganizira mayi uja amene anakangana naye za malo oyanikira. Anaganizira alamu awo ndi sadaka yawo. Anaganiziranso Kelvin, poti ndiye amadyerapo akaunti zikamatsekedwa. Tsiku limenelo palibe anapatsidwa moni wabwino pa doko.

Agape anafunsa za chiphaso cha unzika. Chinalipo, chokutidwa m'pulasitiki, chomangidwa pamfundo ya chitenje. Mphunzitsi anachitembenuza, nawerenga mokweza, "Dailes Yesaya," kenako anawayang'ana ngati akuona mlendo. Zaka zonse akugula usipa sanadziwe. Mayi anachita manyazi ngati avulidwa mpango pagulu. Anati limenelo ndi dzina la kalembera, la tsiku limene anaima pamzere kujambulitsa; amene ankawaitana nalo onse ali kumanda ku Khombedza.

"Tikatumiza ichi," anatero Agape, "akaunti ipulumuka. Koma dzina alisintha kuti lifanane ndi la pachiphaso."

"Ndiye mwana wanga adzafunafuna ndani? Dailes ameneyo samudziwa. Sanamvepo munthu akundiitana choncho, ndipo sanandifunsepo."

Anasankha njira yokana. Masiku otsatira anathera pa kusaka mapepala, ndipo ndinene pano kuti mudzi wonse unavutika nawo. Anakhuthula sutikesi, anasanthula pansi pa matiresi, anadzutsa mphemvu zimene zinkakhala mwamtendere kuyambira nthawi ya Abbas. Buku la kuchipatala linati Dailes. Khadi la ubatizo linati Dailes. Khadi lovotera linati Dailes. Zinali ngati mapepala onse a m'dziko muno anapangana. Dzina limene ankaitanidwa nalo kambirimbiri pa tsiku linapezeka pa zinthu ziwiri zokha: pa khadi la gulu la amayi oyanika nsomba, lolembedwa ndi bolopeni, ndi pa matumba a usipa opita ku Lilongwe, lolembedwa ndi utoto.

Anakafika kwa Agape, kunyumba za aphunzitsi, atanyamula khadi ndi thumba lomwe. Agape anayang'ana thumbalo, likununkha nsomba pakhonde pake, n'kuluma mlomo kuti asaseke. Anawauza mosabisa kuti thumba si pepala, ndipo khadilo lilibe nkhope kapena tsiku lobadwa. Sakuona kuti zidutsa. Mayi anati ayese basi. Anapempha abusa kuti awalembere kalata yochitira umboni, ndipo abusa analemba, n'kudindapo chidindo cha mpingo. Agape anayala mapepala awiriwo pa tebulo pafupi ndi windo, anawajambula ngodya zonse zikuoneka, n'kubwereza kawiri chifukwa mayi ankangogwedeza tebulo ndi kusuzumira kwawo. Pa malo ofotokozera, mayi ananena m'Chichewa, Agape akulemba m'Chingerezi: kuti kwathu kuno mkazi amatchedwa ndi dzina la mwana wake woyamba, kuti amene analemba dzinali ndi mwanayo, kuti mwanayo anasowa kunja ndipo adzawafunafuna ndi dzina limeneli. Mayi anafuna kuwonjezera mawu ena okhudza amene anawanenera ndi makolo ake. Agape anati amenewo Chingerezi chake sachidziwa.

Netiweki ya kunyumba za aphunzitsi inali yaulesi. Anayenda mpaka kumsewu wa tala, foni ili m'mwamba, kufikira zithunzi zitapita. Agape anawaonetsa pamene yankho lidzafikire, m'kabokosi ka mauthenga ochokera kwa eni akaunti, nawachenjeza kuti asamangotumiza mobwerezabwereza, poti kutero sikufulumizitsa kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero. Anauza munthu wolakwika. A Make Twaibu ankafika pasukulu m'mawa, pa nthawi yopuma ndi poweruka, mpaka ahedi anafunsa mwanthabwala ngati awalembetse Sitandade Wanu.

Yankho linabwera sabata itatsala pang'ono kutha. Agape analiwerenga kawiri asanalankhule. Linali laulemu ndi lalifupi: alandira zimene anatumiza, koma sangathe kutsimikiza dzinalo ndi mapepala amenewo, chifukwa palibe lokhala ndi nkhope kapena tsiku lobadwa, atumize ena ogwirizana ndi mndandanda wa zovomerezeka. Mayi anapsa mtima. Anati ndiye kuti abusa ndi abodza? Doko lonse ndi labodza? Agape anati anthuwo sakunena kuti ndi bodza. Akungonena kuti ali kutali, sangabwere ku Senga Bay kudzamva mmene anthu amawaitanira, ndiye amakhulupirira pepala. Anawakumbutsanso za chiphaso chija. Mayi anamanga foni m'kansalu n'kuchoka osatsanzika.

Sabata inatha, chitseko chinatsekedwa. M'mawa wake anatsegula foni, ndipo kunalibe Mesenja, kunalibe mawu a Twaibu, kunalibe kuseka kuja. Tsamba loyera lokhalokha. Apa ndiye anaona chimene ankachiopa. Anagwira ntchito ngati munthu wogwidwa ndi malungo. Anafutsa usipa mopitiriza mpaka unaphwanyika, anaiwala wina pathandala akhwangwala n'kuchita nawo phwando, anakalipira wogula amene sanalakwe chilichonse. Chimene chinkawazunza ndi ganizo limodzi: bwanji ngati ndi lero? Bwanji ngati lero lomwe mwana wabwereka foni kwa mnzake, walemba Make Twaibu, sanapeze kanthu, n'kuganiza kuti mayi ake anamwalira?

Anapirira masiku angapo, kenako anabwerera kwa Agape, chiphaso chili m'manja. Sanapepese, ndipo Agape sanayembekezere kupepesedwa. Mphunzitsi anali asanagone pa nkhaniyi. Anali atafufuza pa foni yake, ndipo anali ndi kanthu kowauza. Akaunti ikatseguka ndi dzina la pachiphaso, pali malo olembapo dzina lina limene munthu amadziwika nalo, ndipo likhoza kumaoneka pamwamba, pambali pa lenilenilo. Make Twaibu sachoka, anati, angosunthira pambali. Sanalonjeze kuti wofunafuna adzawapeza msanga monga kale, chifukwa iye mwini sankadziwa, ndipo anawauzanso kuti dzina likasinthidwa silisinthidwanso mpaka patapita miyezi iwiri. Mayi anayenda kuchoka pakhonde kufika pa mpanda, kubwerera, kupitanso.

"Jambulani," anatero ali chapatali. "Bola chitseko chikhale chotsegula."

Agape anaphimba nambala ya chiphaso ndi kapepala, kusiya dzina, nkhope ndi tsiku lobadwa, monga tsambalo linalangizira. Anajambula, anayendanso ulendo wa kumsewu wa tala, n'kutumiza. Ulendo uno yankho silinachedwe. Akaunti inatseguka, ndipo pamwamba pa chithunzi cha mayi wovala mpango wachikasu panalembedwa Dailes Yesaya. Agape anawonjezera linalo pambali pake. Mayi sanafune n'kuyang'ana komwe. Anathamangira ku mawu akale aja, anakanikiza, ndipo Twaibu anasekanso m'manja mwawo. Anapukuta m'maso ndi chitenje, akunamizira utsi wa mbaula ya Agape. Madzulo a tsikulo kunyumba za aphunzitsi kunafika beseni la usipa wofutsa, ndipo amene analibweretsa anakana kumva za mtengo.

Pa doko nkhani inawanda. Amayi anzawo anayamba kuwaitana "Dailes, Dailes" mowaputa, ngati kamtsikana kotumidwa kumjigo, ndipo iwo ankabweza ndi mawu oti ngakhale asodzi ankatseka makutu. Koma pansi pa mtima sanakhazikike. Ankaona ngati agulitsa mwana wawo kuti agule chitseko.

Mwezi usanathe, m'mawa wina, pa Mesenja panaoneka chizindikiro choti munthu wosamudziwa akufuna kulankhula nawo. Anakanikiza: sanali mawu, anali malemba, aataliatali, a Chingerezi, ndipo pamwamba pake panali nkhope ya bambo wandevu, wowonda, amene sanali Mmalawi. Linali Loweruka. Anapeza Agape akuchapa kuseri kwa nyumba, namupatsa foni manja ake ali ndi thovu.

Agape anapukuta manja n'kuyamba mwachizolowezi chake, kusamala kaye. Anati anthu otere ambiri ndi akuba, amayamba ndi nkhani yokoma n'kuthera pa ndalama. Anatsetsereka mpaka pansi kuti aone ngati pali pempho la ndalama. Panalibe. Panali chithunzi: mnyamata ataima kuseri kwa kauntala ya sitolo, akuseka, chipsera cha mbedza chili pachibwano. Mayi anachiona Agape asanabise. Anagwira mkono wa mphunzitsi mwamphamvu, namuuza kuti awerenge msanga.

Agape anayamba kutanthauzira monga ankachitira ndi chenjezo lija, mzere ndi mzere. Munthuyo dzina lake ndi Musa, wa ku Somalia. Anali ndi sitolo ku Joni, ndipo anali ndi wantchito wa ku Malawi dzina lake Twaibu. Akufunsa ngati iwo ndi a Dailes Yesaya a ku Salima. Akuti wakhala akulemba dzina limeneli pa Fesibuku pafupifupi Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, kwa zaka ziwiri, osapeza munthu. Sitolo inaotchedwa, mafoni onse anapita ndi moto, ndipo a Twaibu pa Fesibuku ndi ambirimbiri, sanadziwe poyambira. Dzina lokhalo limene anatsala nalo ndi limeneli.

Apa Agape anasiya. Maso ake okha anapitirira kutsika ndi malembawo. Mayi anamugwedeza, anamufunsa kuti mwanayo ali kuti tsopano, ali kundende kodi, kapena m'chipatala, bwanji sanalembe yekha. Agape anayang'ana uku ndi uku. Anakatenga mkeka umene unali pa chingwe, anauyala pamthunzi wa khonde, anavula masilipasi, nakhala pansi, miyendo atapinda.

"Mayi, tiyeni tikhale pansi."

A Make Twaibu anali atakhala zaka zambiri m'dziko muno, ndipo ankadziwa uthenga umene sunenedwa chiimire. Anaima kanthawi, akuyang'ana mkekawo. Kenako anakhala pansi.

Zotsalazo Agape anazinena motsitsa. Twaibu anavulala tsiku lomwelo la moto, akuthandiza abwana ake kutulutsa ana m'chipinda cha kuseri kwa sitolo. Anakhala m'chipatala masiku ochepa, Musa ali pambali pake. Anamwalira akudziwa, atatchula shahada, mawu a chikhulupiriro cha Chisilamu. Asilamu a m'tauniyo anamusambitsa, anamuveka sanda, anamuswalira, n'kumuika m'manda awo. Musa ali ndi chithunzi cha mandawo ngati angafune kuchiona. Sakupempha kanthu. Akungofuna kutula katundu amene wamulemera zaka ziwiri.

Mayi sanakuwe. Misozi inkangotsika, manja ali pamiyendo, chinthu chimene palibe anawaonapo akuchita. Patapita nthawi anafunsa funso limodzi: munthu wa ku Somalia analidziwa bwanji dzina la Dailes? Agape anabwerera m'malembamo, napeza malowo, nawawerenga kawiri chifukwa sanawamvetse. Anati Musa akulemba kuti ataona kuti mnyamatayo sachira, anamufunsa dzina la mayi ake, ponena kuti lidzafunika kumanda. Twaibu anayamba wakana, akuti kwawo mwana satchula dzina la mayi ake. Kenako anamuuza kuti aweramire pafupi, n'kumunong'oneza. Agape anavomera kuti za kumandazo sakuzidziwa; mwina ndi mwambo wa kwawo kwa Musa.

"Ndi wa kuno komwe," anatero mayi. "Akakwirira, shehe amakhala kumutu kwa manda n'kumuitana wakufayo, kumukumbutsa zokayankha. Samuitana ndi dzina la bambo ake. Amamuitana ndi la mayi ake."

Mayi anayang'ana foni imene inali pa mkeka pakati pawo, mayina awiri aja ali pamwamba. Zaka ziwiri analondera dzina limodzi usana ndi usiku, pamene uthenga unkagogoda ndi linalo. Anayesa kukumbukira tsiku limene mwanayo akanalimva, mwina pa maliro a agogo ake ku Khombedza ali wamng'ono, mwina pa khadi lina m'sutikesi. Sanalipeze. Mwana analisunga yekha moyo wake wonse, osalitulutsa ngakhale polemba pa foni.

Agape anafunsa ngati ayankhe tsopano kapena adikire. Mayi anati ayankhe. Amuthokoze munthuyo, amuuze kuti wapeza amene ankamufuna, ndipo atumize chithunzi cha manda. Akamaliza, apite kwa alamu awo akawauze kuti sadaka ija ichitike. Agape anayamba kulemba, kenako anaima, nafunsa mosamala ngati dzina la pambali lija alisiye kapena alichotse.

"Lisiyeni," anatero a Make Twaibu. "Koma mufunseni Musayo andiuze mmene anamuitanira kumanda kuja. Anene ndi pakamwa, asalembe. Ndikufuna ndimve."

Mawu anafika dzuwa lisanafike pamutu. Agape anakanikiza, ndipo mwa phokoso la magalimoto a dziko lakutali munatuluka mawu a bambo wachilendo, akutchula pang'onopang'ono m'Chiarabu, lilime likupunthwa pa dzina limene silinali la kwawo. Panalibe chofuna kutanthauzira. Twaibu, mwana wa Dailes.

Mayi anatenga foniyo, anaiika pakhutu, nakanikizanso okha.